Kwanu kukamacha kwawo kukuda: mmene mungasungire ubwenzi wongoyamba kumene ndi munthu wakutali

Akuluakulu amati chibale ndi fupa, sichiola. Ubwenzi wongoyamba kumene ulibe fupa limeneli. M'bale wanu akakhala chete mwezi wathunthu simudandaula kwambiri, chifukwa mwamudziwa kwa zaka zambiri ndipo mumadziwa kuti watanganidwa. Koma munthu amene mwadziwana naye masabata atatu apitawa akapanda kuyankha kwa maola 9, mulibe poyezera. Mumayamba kudzifunsa ngati munalankhula mopyola muyezo, kapena ngati chidwi chake chatha. Chikhalirecho munthuyo ali m'tulo, poti kwawoko ndi 3 koloko usiku.

Maubwenzi ambiri a anthu otalikirana amafera pamenepa, asanafike n'pokangana pomwe. Chete wobwera chifukwa cha wotchi amatengedwa ngati chete wa mumtima. Malangizo awa ndi a miyezi iwiri kapena itatu yoyambirira, pamene simunadziwane mokwanira koma nonse mukufuna kupitiriza.

1. Dziwani kusiyana kwenikweni kwa nthawi, osangoyerekeza

Nthawi ya dziko lililonse imawerengedwa kuchokera pa muyezo umodzi wotchedwa UTC. Johannesburg ili maola awiri patsogolo pa muyezowu, zomwe amalemba kuti UTC+2. Nairobi ndi UTC+3, Dubai ndi UTC+4, ndipo Tokyo ndi UTC+9. Toronto ili kumbuyo ndi maola asanu m'nyengo yawo yozizira, UTC-5. Kuti mupeze kusiyana pakati pa mizinda iwiri, onani mtunda umene uli pakati pa manambalawa. Kuchoka pa +2 kufika pa -5 pali maola 7, ndipo amene ali kum'mawa ndiye amakhala patsogolo.

Funsani dzina la mzinda, osati dziko lokha. Canada, United States ndi Australia ali ndi nthawi zingapo m'dziko limodzi, moti Toronto ndi Vancouver zili pa nthawi zosiyana. Musaganizenso kuti kusiyana kumakhala kwa maola athunthu nthawi zonse. India ili pa UTC+5:30 ndipo Nepal ili pa UTC+5:45. Mukadziwa mzindawo, uikeni mu wotchi ya pa foni yanu, pamalo amene nthawi zambiri amalembedwa kuti World Clock, kuti muziona nthawi ya mnzanuyo musanalembe uthenga. Ndi kachinthu ka mphindi imodzi, koma kamachotsa funso lotopetsa lija loti "kumeneko nthawi ili bwanji?" limene likafunsidwa kachisanu limaonetsa ngati simusamala.

2. Pezani nthawi imene nonse muli omasuka

Apa ndi pamene pagona ntchito yaikulu, ndiye tikhalapo pang'ono. Kudziwa kuti mumasiyana maola 7 sikukuuzani kuti muziimbirana liti. Chofunika ndi kupeza maola amene nonse awiri muli maso, simuli pa ntchito, ndipo simunatope kwambiri moti n'kumayankha mwaulesi. Zinthu zitatuzi zikakumana, nthawi yotsala imakhala yochepa kuposa mmene mumaganizira.

Tengani pepala. Lembani tsiku lanu la mkati mwa sabata: nthawi yodzuka, yopita ku ntchito kapena kusukulu, yopuma masana, yofika kunyumba, ndi yogona. Pemphani mnzanuyo kuti akuuzeni zake. Simuyenera kumufunsa ngati wapolisi. Kungonena kuti "tsiku lanu limayenda bwanji nthawi zambiri? Ndikufuna ndizidziwa nthawi yoti ndisamakusokonezeni" n'kokwanira, ndipo anthu ambiri amasangalala kufunsidwa chonchi. Kenako sinthani maola akewo kuti akhale mu nthawi yanu, n'kuwaika pambali pa anu.

Tiyeni tione chitsanzo cha anthu awiri, wina ku Johannesburg wina ku Toronto, m'mwezi wa Januwale. Wa ku Johannesburg amadzuka 5:30 m'mawa, amagwira ntchito kuyambira 8 koloko mpaka 5 koloko, amafika kunyumba 6:30 madzulo, ndipo amagona 10 koloko. Wa ku Toronto amadzuka 6:30, amagwira ntchito kuyambira 9 koloko mpaka 5 koloko, amapuma kuyambira 12:30 mpaka 1:30 masana, amafika kunyumba 6 koloko, n'kugona 11 koloko.

Madzulo a wa ku Johannesburg, kuyambira 6:30 mpaka 10 koloko, ku Toronto amakhala 11:30 m'mawa mpaka 3 koloko masana. Mnzakeyo ali pa ntchito, kupatula ola limodzi lopuma lija, lomwe ku Johannesburg limagwera pakati pa 7:30 ndi 8:30 usiku. Mpata woyamba ndi umenewo. Madzulo a wa ku Toronto, kuyambira 6 koloko mpaka 11 koloko, ku Johannesburg amakhala 1 koloko usiku mpaka 6 koloko m'mawa. Pafupifupi nthawi yonseyi winayo ali m'tulo, koma akadzuka 5:30 amapeza mnzake akukonzekera kugona, kwawoko ili 10:30. Mpata wachiwiri ndi wa mphindi 30 zokha, wina maso ali ofiira ndi tulo, wina akuyasamula.

Mkati mwa sabata ali ndi ola limodzi ndi theka basi, ndipo palibe mpata uliwonse umene uli wabwino kwa onse awiri. Loweruka ndi Lamlungu zinthu zimasintha. Wa ku Toronto akadzuka n'kukhala pansi 9 koloko m'mawa, ku Johannesburg ndi 4 koloko madzulo, ndipo ali ndi maola 6 winayo asanagone. Anthu awiriwa akayesa kuimbirana tsiku lililonse adzatopetsana sabata yachiwiri isanathe. Choyenera kwa iwo ndi kucheza kwautali kamodzi kumapeto kwa sabata, ndi kamodzi kakafupi mkati mwa sabata.

Ngakhale amene ali m'mizinda ya nthawi yofanana achite masamu omwewa. Namwino wogwira ntchito usiku ndi mphunzitsi wogwira masana amatalikirana nthawi kuposa anthu ena a m'mayiko osiyana. Funsaninso masiku opuma, chifukwa si kulikonse kumene amapuma Loweruka ndi Lamlungu. Ku Saudi Arabia, mwachitsanzo, amapuma Lachisanu ndi Loweruka.

3. Panganani tsiku lokhazikika, ndipo lilembeni m'nthawi zonse ziwiri

Mawu akuti "tidzaimbirana tikapeza mpata" amamveka aulemu, koma kwa anthu osiyana maola 7 mpatawo subwera wokha. Sankhani tsiku ndi ola. Poyamba musalonjeze zambiri. Ndi bwino kugwirizana kucheza kumodzi pa sabata n'kumakwanitsa, kusiyana ndi kugwirizana kanayi n'kumalephera kawiri, chifukwa pa ubwenzi watsopano kulephera kulikonse kumawerengedwa.

Polemba pangano, tchulani tsiku ndi ola la mbali zonse ziwiri. Musalembe kuti "tiimbirane mawa usiku". Mawa la ndani, usiku wa ndani? Mu chitsanzo chathu chija, 5:30 m'mawa Lachitatu ku Johannesburg ndi 10:30 usiku Lachiwiri ku Toronto. Wina akangoti "Lachitatu", mmodzi adzadikira pa foni tsiku lolakwika, n'kukagona ataganiza kuti wanyalanyazidwa. Lembani chonchi: "Loweruka 9 koloko m'mawa kwanuko, 4 koloko madzulo kunoko. Zili bwino?" Ngati nonse mumagwiritsa ntchito kalendala ya pa foni, monga Google Calendar, ikanimo panganolo n'kumuitana mnzanuyo. Kalendalayo imaonetsa aliyense ola la kwawo.

Mukaona kuti simukwanitsa, nenani msanga ndipo perekani nthawi ina m'malo mwake mu uthenga womwewo. "Loweruka lino sindikwanitsa" ndi uthenga wotseka chitseko. "Loweruka lino sindikwanitsa, koma Lamlungu ola lomwelo ndili womasuka" ndi uthenga wina kotheratu, ngakhale nkhani yake ndi yomweyo.

4. Gawanani mavuto a tulo

Pamene nthawi yasiyana kwambiri, pamakhala wina amene ayenera kudzuka m'mamawa kapena kugona mochedwa. Kawirikawiri amene amadzipereka poyamba ndi amene ali ndi chidwi chochuluka, ndipo amati "ine palibe vuto, ndimagona mochedwa kale". Sabata yoyamba zimakhala zoona. Pofika sabata yachinayi akuwodzera ku ntchito, ndipo mumtima wayamba kuwerenga: ine ndiye ndimakhala maso mpaka 1 koloko, mnzangayu sanadzukepo m'mamawa chifukwa cha ine. Sanena, koma mayankho ake amayamba kufupika.

Kambiranani izi zisanafike pamenepo. Ngati sabata ino wa ku Toronto wapereka ola lake lopuma masana, sabata yamawa wa ku Johannesburg adzuke m'mamawa kuposa masiku onse. Ndipo ikani malire a nthawi yothera kucheza musanayambe, makamaka kwa amene kwawo ndi usiku. Kucheza kukakoma palibe amene amafuna kuyamba kutsanzika, ndiye amene kwawo ndi masana ndi amene ayenera kunena kuti "kwanuko yakwana 11 koloko, kagoneni". Munthu amakumbukira amene anamuganizira tulo take.

5. Lembani mauthenga amene angadikire

Nthawi yambiri ya ubwenzi wotere simukhala limodzi pa foni. Mumakhala mukusiyirana mauthenga, ngati anthu olemberana makalata. Vuto ndi loti ambiri amalemba ngati mnzawo ali pompo. Taonani zimene zimachitika. Wa ku Toronto akulemba 8 koloko usiku kuti "muli bwanji?" Ku Johannesburg ndi 3 koloko usiku. Winayo akudzuka n'kuyankha mothamanga 6:30 kuti "ndili bwino, kaya inu?" Ku Toronto ndi 11:30 usiku, mnzake wagona. Yankho loti "nanenso ndili bwino" likufika patapita maola ena 7. Theka la tsiku lapita, ndipo sanauzane kanthu.

Uthenga wopita kwa munthu amene ali m'tulo uzikhala wokwanira pawokha. Moni akhalepo, koma asakhale yekha. Onjezani chinthu chimodzi chimene chakuchitikirani lero, yankhani chimene mnzanuyo ananena komaliza, ndipo funsani funso limodzi loti akhoza kuyankha akadzuka. Mwachitsanzo: "Mwadzuka bwanji? Msonkhano uja ndinkauopa unatha bwino, ngakhale ndinaiwala theka la zimene ndinakonzekera. Munati mchemwali wanu akulemba mayeso lero, zayenda bwanji?" Kukumbukira nkhani ya mayesoyo ndi kumene kumamanga ubwenzi, kuposa mauthenga khumi oti "ndikukuganizirani".

Funso likhale limodzi kapena awiri. Munthu akadzuka n'kupeza mauthenga 15, amaona ngati wapatsidwa ntchito, ndipo amati ndiyankha ndikapeza nthawi yokwanira. Nthawiyo imafika madzulo, inu mutagona kale.

Uthenga wa mawu umathandiza kwambiri pa siteji imeneyi, chifukwa munthu amene simunamudziwe bwino simungamve nthabwala zake m'zilembo zokha. Mphindi imodzi kapena ziwiri n'zokwanira. Wa mphindi 9 ndi wovuta kuyankha, chifukwa pofika kumapeto womvera waiwala zimene munafunsa poyamba. Chithunzi cha msewu umene mumadutsa popita ku ntchito, kapena cha zimene mukuona pa windo, chimathandiza mnzanuyo kukuikani pamalo enieni m'maganizo mwake.

Gwirizananinso za foni yolira usiku. Funsani ngati amatseka mawu a foni akamagona. Ngati amaika Do Not Disturb, mukhoza kulemba ola lililonse osaopa kumudzutsa. Ngati satero, dikirani, kapena gwiritsani ntchito njira yotumiza uthenga pa nthawi yoikika, imene mapulogalamu ena monga Telegram ali nayo. Nkhani yokhumudwitsa yokha musaitumize mnzanu ali m'tulo. Iye adzaiwerenga akungodzuka, inu muli pa ntchito kapena mwagona, ndipo adzakhala nayo yekha maola ambiri akuikuza m'mutu. Isungeni mpaka tsiku loimbirana.

6. Yembekezerani tsiku limene wotchi imasuntha

Ichi chimasokoneza ngakhale amene anachita bwino zonse zapitazi. Mayiko ena amakankhira wotchi patsogolo ndi ola limodzi m'nyengo yawo yotentha, n'kuibweza nyengo yozizira ikamayandikira. M'madera ambiri a United States ndi Canada amakankha Lamlungu lachiwiri la Malichi n'kubweza Lamlungu loyamba la Novembala. Ku United Kingdom ndi m'mayiko a European Union amakankha Lamlungu lomaliza la Malichi n'kubweza Lamlungu lomaliza la Okutobala. Ku Sydney, komwe nyengo ndi zotembenuka, amakankha Lamlungu loyamba la Okutobala n'kubweza Lamlungu loyamba la Epulo. South Africa, Kenya, India ndi Japan sasintha wotchi.

Tibwerere kwa anthu athu awiri aja. Likadutsa Lamlungu lachiwiri la Malichi, Toronto imakhala pa UTC-4, ndipo kusiyana kumatsika kufika pa maola 6. Ola lopuma masana la ku Toronto tsopano likugwera pakati pa 6:30 ndi 7:30 madzulo ku Johannesburg, pamene winayo akungolowa kumene m'nyumba. Mpata wa m'mamawa uja watha, chifukwa 5:30 ya ku Johannesburg tsopano ndi 11:30 usiku ku Toronto, mnzake atagona kale. Koma pabadwa mpata wina: 7 koloko m'mawa ku Toronto ndi 1 koloko masana ku Johannesburg, ndipo ngati wa kumeneko amapuma nthawi imeneyo, akhoza kulankhulana mphindi 20. Pangano la Loweruka nalo liyenera kuonedwanso. Ngati munati 9 koloko ya ku Toronto, kwa winayo yasuntha kuchoka pa 4 koloko kufika pa 3 koloko. Foni ya wa ku Toronto imadzisinthira yokha usiku, moti iye sangakumbukire n'komwe kukuuzani. Lembani masiku amenewa mu kalendala yanu, ndipo sabata imeneyo bwerezani masamu a pepala aja.

7. Phunzirani kusiyanitsa chete wa wotchi ndi chete wa munthu

Timizere tiwiri ta buluu ta pa WhatsApp timangosonyeza kuti uthenga watsegulidwa. Sititanthauza kuti munthuyo anali ndi nthawi yoyankha. Mwina anadzidzimuka 4 koloko usiku, anasuzumira pa foni, n'kugonanso. Ena amazimitsa timizereti, ndipo kwa iwo sitisintha mtundu ngakhale awerenge. Kuyang'ana Last seen kakhumi pa tsiku sikukuuzani kanthu koposa kukudwalitsani mutu. Kuona maso a nkhono n'kudekha: musanadandaule, werengani maola amene mnzanuyo wakhala ali maso komanso womasuka chitumizireni uthenga wanu. Nthawi zambiri mudzapeza kuti pa maola 14 amene mwadikira, iye anali ndi ola limodzi lokha.

Komabe wotchi isakhale chobisalira cha zonse. Zizindikiro za chidwi chimene chikuzirala zimaoneka pa mapangano, osati pa liwiro loyankha. Munthu amene akufuna kupitiriza akalephera tsiku lina amapereka lina. Amafunsa za inu. Nthawi zina amayamba ndiye kulemba. Ngati masabata atatu otsatizana ndinu nokha amene mukupempha tsiku loimbirana, ndipo kulikonse kumene kwalephereka sikunabwezedwe, vuto silili pa maola 7 aja. Apo funsani kamodzi, mosazungulira komanso mopanda mlandu: "Ndaona kuti masabata apitawa sitikupezana. Kodi ndi kutanganidwa, kapena mukuona kuti mtundawu ukukuvutani? Mukhoza kundiuza momasuka." Yankho lililonse ndi labwino kuposa kukhala mukudikira 1 koloko usiku.

Pali chenjezo limodzi kwa amene simunaonanepo maso ndi maso. Kusiyana kwa nthawi ndi chifukwa chimene anthu achinyengo amakonda kupereka pokana kuimbirana pa vidiyo. Mwaona kale kuti ngakhale osiyana maola 7 amapeza maola 6 athunthu Loweruka. N'zoona kuti m'mayiko ena, monga United Arab Emirates, kuimba pa WhatsApp kumatsekedwa ngakhale mauthenga amayenda, koma kumeneko kulinso mapulogalamu ena ololedwa. Munthu amene kwa mwezi wathunthu akulephera kuonetsa nkhope yake kwa mphindi zisanu, kenako n'kubwera ndi vuto ladzidzidzi lofuna ndalama, musamutumizire kalikonse.

8. Pakatha miyezi iwiri, kambiranani za kutsogolo pang'ono

Kucheza kwa pa foni kumafika potha nkhani ngati zonse zimene mumachita ndi kufotokozerana mmene tsiku layendera. Pezani chochitira limodzi pa nthawi yanu yaitali ija: kuonera mpira womwewo uku mukulemberana, kuwerenga buku limodzi n'kumakambirana mutu umodzi pa sabata, kapena kuyenda panja aliyense kwawo uku mukuonetsana malo. Zoterezi zimakupatsani nkhani zanuzanu, zimene si za kwanu kapena za kwawo.

Ndipo pa tsiku lina loimbirana, osati mu uthenga wolemba, funsanani ngati dongosololi likukuyenderani nonse: ndani akutopa, ndi tsiku liti limene likuvuta, ndipo kodi pali mwezi umene mungadzaonane. Simuyenera kugula tikiti tsiku lomwelo. Koma dziwani ngati kuonana ndi nkhani ya miyezi inayi kapena ya zaka ziwiri, ndani angayende mosavuta, komanso ngati ulendowo ungafune pasipoti ndi viza, zomwe zimatenga nthawi kuti zituluke. Mukadzagwirizana zokumana koyamba, sankhani malo a anthu ambiri, uzani m'bale kapena mnzanu kumene mukupita, ndipo woyendayo akhale ndi malo akeake ogona. Ngati wadutsa maola 6 kapena 7 a kusiyana kwa nthawi, musakonze zambiri tsiku loyamba, chifukwa thupi lake lidzakhala likuyendabe pa wotchi ya kumene wachokera, ndipo akhoza kuyamba kuwodzera inu nkhani zitangoyamba kukoma.